Lamulo likuti "pafupi", munthu wagwidwa ali mkati: njira zitatu zomasulira lamulo

Lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo limakhala mawu olembedwa papepala, ndipo mawuwo sadziwerenga okha. Mlandu ukafika kukhoti, woweruza ndiye amanena chimene mawuwo akutanthauza pa nkhani imene ili patsogolo pake. Nthawi zambiri ntchitoyi sivuta, chifukwa mawu amakhala omveka ndipo zimene zachitika zimalowa bwino m'mawuwo. Imavuta pamene pachitika chinthu chimene olemba lamulo sanachiganizire, kapena pamene liwu limodzi likumveka pawiri. Makhoti a ku England, amene njira zawo zoweruzira zinafika ku Malawi ndi ku Zambia m'nthawi ya atsamunda, anakhazikitsa njira zitatu zikuluzikulu zothetsera vuto lotere. Yoyamba imatsata mawu monga momwe alembedwera. Yachiwiri, imene mabuku a zamalamulo amaitcha njira ya golide, imatsatanso mawu koma imapatukako pang'ono ikaona kuti mawuwo akupita kuphompho. Yachitatu imayambira pa cholinga cha lamulolo.

Kusiyana kwa njirazi kumaoneka bwino pa mlandu umodzi wosavuta, wa Adler ndi George, umene unaweruzidwa ku England m'chaka cha 1964.

Zimene zinachitika ku Marham

Ku Marham, m'chigawo cha Norfolk, kuli bwalo la ndege za asilikali a dziko la Britain. Malo amenewa anali m'gulu la malo oletsedwa pansi pa malamulo oteteza zinsinsi za boma. Gawo 3 la lamulo la zinsinsi za boma la m'chaka cha 1920 linkaletsa munthu aliyense amene ali pafupi ndi malo oletsedwa kutsekereza, kunamiza dala kapena kusokoneza wapolisi kapena msilikali amene ali pa ntchito yolondera malowo. Liwu lachingerezi limene linagwiritsidwa ntchito limatanthauza dera loyandikana ndi chinthu, malo ozungulira, monga momwe munthu amanenera kuti nyumba yakuti ili cha kufupi ndi msika.

Adler analowa m'bwalo la ndegelo ndipo anatsekereza msilikali amene ankalondera. Khoti la majisitireti linamupeza wolakwa. Iye anachita apilo, ndipo mfundo yake inali yaifupi: lamulo likunena za munthu amene ali pafupi ndi malo oletsedwa, koma iye sanali pafupi, anali mkati mwenimweni. Munthu amene wakhala m'nyumba sanganenedwe kuti ali cha kufupi ndi nyumbayo. Choncho, malinga ndi iye, gawo 3 silinkamukhudza.

Mfundoyi ndi yoseketsa, koma si yopepera. Pa kagwiritsidwe ntchito ka chinenero, Adler ankanena zoona. Funso ndi lakuti woweruza achite nazo chiyani zoonazo.

Kutsata mawu monga alembedwera

Woweruza wotsata njira yoyamba amatenga mawu m'tanthauzo lawo la tsiku ndi tsiku, limene munthu wamba wodziwa chinenerocho angawapatse, ndipo akafuna thandizo amatsegula dikishonale. Ngati lamulo lenilenilo lamasulira liwu lina m'gawo lake la matanthauzo, amatsata kumasulira kumeneko. Ngati liwulo ndi la akatswiri a ntchito inayake, amalitenga monga akatswiriwo amalimvera. Akapeza tanthauzo lomveka, amalekera pomwepo. Safunsa ngati zotsatira zake zili zabwino kapena zoipa.

Pa mlandu wa Adler, njira imeneyi ikanamumasula. "Pafupi" si "mkati". Nyumba ya Malamulo ikanafuna kuletsa za mkati, ikanalemba choncho, poti mawu oti "mkati" sanasowe m'chinenero. Woweruza akanauza boma kuti ngati lamulo lili ndi chibowo, otseka chibowocho ndi aphungu, osati makhoti.

Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti ndi ulesi kapena kuuma mutu, koma njirayi ili ndi zifukwa zake zolemera. Choyamba ndi kugawana ntchito: aphungu amasankhidwa ndi anthu kuti apange malamulo, oweruza sasankhidwa ndi mavoti, ndipo woweruza amene akuwonjezera mawu m'lamulo wayamba kupanga lamulo. Chachiwiri chimakhudza munthu wamba. Iye ayenera kudziwiratu chimene chili choletsedwa asanachite kanthu, ndipo chimene angawerenge ndi mawu olembedwa basi, osati zimene zinali m'mitima ya aphungu. Pa milandu imene munthu angamangidwe nayo, makhoti akhala akutsata mwambo wakuti mawu akakhala okayikitsa zenizeni, kukayikako kukomere woimbidwa mlandu.

Woweruza wamkulu wa ku England amene anamva apilo ya Adler, Lord Parker, ankaidziwa bwino njira imeneyi, chifukwa zaka zochepa m'mbuyomo anali ataigwiritsa ntchito iye mwini. M'chaka cha 1960, pa mlandu wa Fisher ndi Bell, mwini sitolo wina ku Bristol anaika pawindo la sitolo yake mpeni wa mtundu umene umatuluka wokha ukadinidwa, ndipo pambali pake anaika mtengo wa mashileni anayi. Lamulo la m'chaka cha 1959 linkaletsa kupereka mipeni yotere kuti igulidwe. Koma m'malamulo a ku England a zamalonda, mawu amene anagwiritsidwa ntchitowo ali ndi tanthauzo lake lapadera: katundu woikidwa pawindo samawerengedwa kuti waperekedwa kwa wogula, kumakhala kungoitana anthu kuti abwere adzanene kuti akufuna kugula. Lord Parker anavomereza kuti munthu wamba angaone ngati zopanda nzeru, komabe anatsata tanthauzo la amalamulo, ndipo mwini sitoloyo sanapezeke wolakwa. Chaka chotsatira, mu 1961, Nyumba ya Malamulo inakonza lamulolo n'kuwonjezera mawu oletsa kuonetsa mipeniyo pofuna kuigulitsa. Okonda njira yoyamba amaloza pamenepa n'kunena kuti umu ndi momwe zinthu ziyenera kuyendera: khoti lionetse chibowo, aphungu atseke. Otsutsa amayankha kuti aliyense ankadziwa kale chimene aphungu ankafuna, ndipo chaka chathunthu chinatayika pachabe.

Njira ya golide

Pa mlandu wa Adler, Lord Parker ndi oweruza anzake sanatsate njira ya ku Bristol ija. Anaona kuti kutsata mawu okha kukanabala chinthu chosamveka kwa wina aliyense: munthu wotsekereza mlonda kunja kwa mpanda akanakhala wolakwa, pamene wodumpha mpanda n'kukamutsekereza mkati, pafupi ndi ndege zenizenizo, akanakhala wosalakwa. Ndiye kuti wochita choipa chachikulu akanapulumuka, wochita chaching'ono n'kulangidwa. Khoti linagamula kuti mawuwo awerengedwe ngati akunena za munthu amene ali mkati kapena pafupi ndi malo oletsedwa, ndipo apilo inakanidwa.

Imeneyi ndiyo njira ya golide. Mabuku ambiri amaitchula pamodzi ndi Lord Wensleydale, amene anaifotokoza pa mlandu wa Grey ndi Pearson m'chaka cha 1857, mlandu umene unali wokhudza wilo. Mfundo yake ndi yakuti woweruza ayambe ndi tanthauzo wamba la mawu ndipo akhale pomwepo, pokhapokha ngati tanthauzolo likubala zinthu zopanda nzeru kapena likutsutsana ndi mbali zina za chikalata chomwecho. Zikatero, akhoza kulipinda tanthauzolo, koma mongokwanira kuchotsa vutolo, osapitirira.

Malire amenewa, akuti osapitirira, ndiwo mtima wa njirayi, ndipo mlandu wa Adler umawaonetsa bwino. Khoti silinanene kuti aliyense wosokoneza asilikali kulikonse m'dziko ndi wolakwa pansi pa gawo 3. Silinachotse mawu akuti "pafupi". Linangowonjezera mkati mwa malowo ku dera limene lamulo linkatchula kale. Kusoka kwake kunali kwa chigamba chaching'ono pamalo pong'ambika, malaya onse n'kusiyidwa momwe analili.

Njirayi imagwira ntchito m'mitundu iwiri. Pali pamene liwu lili ndi matanthauzo awiri, lina lanzeru lina lopanda nzeru, ndipo woweruza amasankha lanzerulo. Apa palibe mkangano waukulu. Pali pamene liwu lili ndi tanthauzo limodzi lomveka bwino, koma zotsatira zake n'zonyansa moti khoti limakana kuzilola. Chitsanzo chotchuka ndi mlandu wa Sigsworth wa m'chaka cha 1935: mwana anapha mayi ake, ndipo lamulo la chuma cha masiye linkanena poyera kuti chumacho chipite kwa ana. Khoti linakana kuti wakupha, kapena olowa chuma chake, apindule ndi imfa imene anaichititsa yekha, ngakhale kuti lamulolo silinatchule za akupha. Mlandu wa Adler uli chapakati pa mitundu iwiriyi. Ena amati liwu lakuti "pafupi" likhoza kutambasuka n'kufika mkati. Ena amati silingathe, ndipo khoti linachita kuwonjezera mawu.

Chofooka cha njira ya golide chili pa muyeso wake. Palibe sikelo yoyezera kupanda nzeru. Zimene woweruza wina angaziyese zosamveka, mnzake angaziyese zowawa chabe koma zololeka. Mpeni wa ku Bristol ndi umboni: pamenepo zotsatira zinali zodabwitsa, woweruza anavomereza kuti n'zodabwitsa, koma sanapatuke. Ku Marham anapatuka. Kusiyana kwake, kwa wofuna kumuteteza woweruzayo, n'kwakuti ku Bristol mawu anali ndi tanthauzo lokhazikika m'malamulo limene olemba lamulo ankayenera kulidziwa, pamene ku Marham linali liwu wamba lotha kusinthasintha. Kufotokoza kumeneku n'komveka, komabe loya wolangiza kasitomala mlandu usanaweruzidwe sakanalosera mosavuta kuti khoti ligwera mbali iti.

Chofooka china n'chakuti njirayi imadikira ngozi. Ngati kutsata mawu kukubala zinthu zosakoma kwenikweni koma zosafika pa kupanda nzeru, njira ya golide imangokhala chete.

Kuyambira pa cholinga

Njira yachitatu sidikira kuti mawu agwe kaye m'dzenje. Woweruza amafunsa kuyambira pachiyambi kuti lamuloli linapangidwa kuti lichite chiyani, kenako amawerenga mawuwo m'njira yothandiza kuti ntchitoyo itheke.

Mizu yake ndi yakale kuposa njira ziwiri zija. Pa mlandu wa Heydon m'chaka cha 1584, oweruza a ku England anaika mafunso anayi oti azifunsidwa pomasulira lamulo latsopano: malamulo ankati chiyani lamuloli lisanabwere, ndi vuto liti limene malamulo akalewo sankalithetsa, Nyumba ya Malamulo inakonza mankhwala otani, ndipo chifukwa chenicheni cha mankhwalawo n'chiyani. Njira yakale imeneyi imayang'ana m'mbuyo, ku vuto limene linalipo. Njira yamakono ya cholinga ndi yotambasuka kuposa pamenepo, chifukwa imafunsanso chimene lamulo likufuna kukwaniritsa m'tsogolo, ngakhale pa zinthu zimene kunalibe pamene linkalembedwa.

Pa mlandu wa Adler, woweruza wotsata cholinga akanayamba ndi kuwerenga lamulo lonse la 1920 pamodzi ndi la 1911 limene linkawonjezeredwa. Akanaona kuti malamulowa ndi oteteza malo ofunika pa chitetezo cha dziko, ndi kuti gawo 3 likuteteza alonda a malowo kuti agwire ntchito yawo popanda wowasokoneza. Alonda otere amaima pachipata, amazungulira mpanda, ndipo ambiri amakhala mkati. Mawu akuti "pafupi" anaikidwa pofuna kukulitsa chitetezocho kuti chifike ndi kunja komwe, osati pofuna kusiya mkati mopanda chitetezo. Adler akanapezeka wolakwa, monga momwe anapezekeradi.

Mathero ndi amodzi ndi a njira ya golide, koma kayendedwe n'kosiyana, ndipo kusiyanako kumaoneka nkhani ikasinthidwa pang'ono. Mwachitsanzo, msilikali akuyendera msewu wopita ku bwalo la ndege, mtunda wa makilomita atatu kuchokera pampanda, ndipo munthu wina wamutsekereza ndi galimoto. Zimenezi sizinachitike pa mlandu weniweniwo, n'zongoyerekeza. Dikishonale sinena kuti "pafupi" amathera pa mamita angati. Njira ya golide ilibe chonena, chifukwa kaya khoti liti makilomita atatu ndi pafupi kaya liti ndi kutali, palibe yankho lopanda nzeru. Njira ya cholinga yokha ndiyo ili ndi pogwira: ifunsa ngati msilikaliyo anali pamalopo chifukwa cholondera bwalo la ndegelo, ndiponso ngati kumutsekereza pamenepo kukanafooketsa chitetezo cha bwalolo. Ngati msewuwo ndi wokhawo wolowera ndipo amaulondera nthawi zonse, makilomita atatu akhoza kukhala pafupi. Ngati ndi msewu wa m'tauni umene msilikali ankangodutsa, mtunda womwewo ukhoza kukhala kutali.

Cholinga sichimangokulitsa lamulo, chimathanso kulichepetsa. Mlimi amene ng'ombe zake zatseka msewu pachipata mwangozi kwa mphindi zisanu ali pafupi ndi malo oletsedwa mosakayikitsa, ndipo galimoto ya alonda yachedwa chifukwa cha iye. Wotsata mawu okha akhoza kunena kuti watsekereza. Wotsata cholinga angafunse ngati lamulo loteteza zinsinsi za boma linapangidwira anthu ngati mlimi ameneyu, ndipo angawerenge liwu lakuti kutsekereza ngati likunena za chinthu chochitidwa mwadala.

Lord Parker yemwe uja anagwiritsanso ntchito kaganizidwe kameneka m'chaka chomwe anaweruza za mpeni. Pa mlandu wa Smith ndi Hughes, mu 1960, lamulo la 1959 linkaletsa amayi oyendayenda kukopa amuna mumsewu kapena pamalo a anthu onse. Amayi ena ku London anayamba kukopa ali pakhonde la m'mwamba ndi pamawindo a nyumba, kumagogoda galasi kuti odutsa awaone. Iwo sanali mumsewu. Khoti linati lamulolo linabwera kuti anthu aziyenda m'misewu popanda kuvutitsidwa, ndipo wovutitsidwayo anali mumsewu, choncho malo amene wokopayo waima alibe kanthu. Woweruza mmodzi, m'zaka zinayi, anatsata mawu pa mlandu wina, cholinga pa wina, ndi njira ya golide pa wachitatu. Zikusonyeza kuti njirazi, ngakhale mabuku amazitcha malamulo a kamasuliridwe, sizimanga woweruza monga lamulo limamangira nzika. Ndi zida zimene amasankhapo, ndipo udindo wake ndi kufotokoza chifukwa chimene wasankhira chida chimenecho.

Kumene cholinga chimapezeka

Funso lovuta pa njira yachitatu ndi lakuti woweruza amachidziwa bwanji cholingacho. Nyumba ya Malamulo ndi anthu mazana, ena anavota mokondwa, ena mokakamizidwa ndi chipani, ena sanawerenge n'komwe biluyo. Choncho makhoti safufuza za m'mitima ya aphungu. Amafufuza cholinga chimene chikuoneka m'zolembedwa.

Poyambira ndi m'lamulo momwemo: mutu wake wautali umene umanena mwachidule ntchito ya lamulolo, mawu oyamba ngati alipo, gawo la matanthauzo, timitu ta magawo, ndi magawo oyandikana ndi limene likuvutalo. Malamulo ambiri amakono amakhala ndi gawo lotchula zolinga zake poyera, ndipo limeneli limapeputsa ntchito. Kunja kwa lamulo, woweruza akhoza kuona malamulo akale pa nkhani yomweyo, malipoti a makomiti amene anafufuza vutolo biluyo isanalembedwe, ndi mapangano a mayiko ngati lamulolo linabwera pofuna kuwakwaniritsa.

Kwa zaka zambiri makhoti a ku England ankakana kuwerenga Hansard, buku la zokambirana za aphungu. Izi zinasintha m'chaka cha 1992 pa mlandu wa Pepper ndi Hart, wokhudza msonkho wa aphunzitsi a pasukulu ina amene ana awo ankaphunzira pomwepo pa fizi yotsika. Khoti lalikulu linalola kuti Hansard iziwerengedwa, koma pokhapokha zinthu zitatu zikakwanira: mawu a lamulo akhale omveka pawiri, osamveka bwino kapena obala zopanda nzeru, zowerengedwazo zikhale zonena za nduna kapena munthu wina amene anabweretsa biluyo, ndipo zonenazo zikhale zomveka bwino. Mu 1964 chitseko chimenechi chinali chotseka, moti oweruza a Adler anangodalira mawu a lamulo ndi nzeru zawo.

Ngozi ya njira ya cholinga ndi yakuti cholinga chimatha kunenedwa mopapatiza kapena motambasula, ndipo wonena ndiye amasankha. Munthu akanena kuti cholinga cha gawo 3 ndi kuteteza alonda a malo oletsedwa pa ntchito yawo, lamulolo limakhala ndi malire ooneka. Akanena kuti cholinga chake ndi chitetezo cha dziko, malire amasowa, ndipo pafupifupi aliyense wokangana ndi msilikali angakokeredwemo. Mkangano umenewu unabuka poyera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pa mlandu wa makhonsolo a Magor ndi Newport, pamene Lord Denning ananena kuti ntchito ya woweruza ndi kupeza chimene aphungu ankafuna ndi kutseka mipata imene anasiya, ndipo Lord Simonds wa khoti lapamwamba anamudzudzula kuti kumeneko ndi kulanda ntchito ya Nyumba ya Malamulo mobisala m'dzina la kumasulira. Masiku ano makhoti a ku England amatsamira kwambiri ku cholinga, koma chenjezo la Simonds silinafe.

Pali zizindikiro zothandiza kuona ngati chigamulo chapyola malire. Choyamba, tanthauzo limene khoti lasankha liyenera kukhala loti mawuwo angathe kulisenza. "Pafupi" akhoza kusenza "mkati" movutikira, koma sangasenze "kulikonse". Chachiwiri, cholinga chimene khoti latchula chiyenera kulozeka penapake, m'mutu wa lamulo, m'magawo ena kapena m'mbiri yake, osati m'maganizo a woweruza pa zimene zikanakhala bwino. Chachitatu, kumasulirako kusasandutse mawu ena a lamulo kukhala opanda ntchito, poti makhoti amayamba ndi chikhulupiriro chakuti liwu lililonse linaikidwa ndi chifukwa. Gawo 3 linkanena za msilikali amene ali pa ntchito yolondera. Khoti limene lingalange munthu chifukwa chokangana ndi msilikali amene waweruka ndipo akumwa tiyi pafupi ndi chipata lingakhale litafufuta mawu amenewo.

Liwu limodzi m'malamulo a Malawi

Malamulo a dziko la Malawi amalembedwa m'Chingerezi, ndipo makhoti ake amagwiritsa ntchito njira zitatu zomwezi, nthawi zina potchula milandu ya ku England yomweyi. Dzikoli lilinso ndi lamulo lapadera la kamasuliridwe ka malamulo, limene limapereka matanthauzo a mawu obwerabwera m'malamulo ambiri. Pa malamulo aakulu oyendetsera dziko a m'chaka cha 1994, gawo 11 limauza makhoti kuti powamasulira azilimbikitsa mfundo za dziko lomasuka ndi la demokalase, azilabadira mitu yonena za mfundo zikuluzikulu ndi ufulu wa anthu, ndipo pamene zikuyenera aziona malamulo a mayiko onse ndi zigamulo za mayiko ena. Apa njira ya cholinga yachita kulembedwa.

Mlandu umene Amalawi ambiri amaukumbukira unagona pa liwu limodzi, monga wa Adler. Gawo 80(2) linkanena kuti mtsogoleri wa dziko asankhidwe ndi ochuluka mwa ovota. Pambuyo pa chisankho cha 1999, khoti lalikulu la apilo linagamula m'chaka cha 2000, pa mlandu wa Gwanda Chakuamba ndi anzake, kuti liwulo likutanthauza kupeza mavoti ambiri kuposa wopikisana naye wina aliyense. Mu chisankho cha 2019, Peter Mutharika analengezedwa wopambana ndi mavoti osafika 39 pa 100 alionse. Pa 3 February 2020, oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu anathetsa chisankhocho chifukwa cha zolakwika pa kayendetsedwe kake, ndipo anagamulanso kuti liwu lija likutanthauza mavoti opitirira theka. Khoti lalikulu la apilo linavomereza zimenezi pa 8 May 2020, n'kusiya chigamulo chake chakale.

Mawu a gawolo anali omwewo mu 2000 ndi mu 2020. Mbali zonse ziwiri zinkatha kuloza dikishonale, chifukwa liwu lachingerezilo anthu amaligwiritsa ntchito m'matanthauzo onse awiri. Njira ya golide sikanathandiza, poti mayiko ambiri amasankha atsogoleri mwa njira iliyonse mwa ziwirizi ndipo palibe imene ili yopanda nzeru. Chimene chinatsala ndi kuwerenga liwulo pamodzi ndi magawo ena a malamulo aakulu, makamaka onena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu ndipo zimadalira chikhulupiriro chawo. Chisankho chatsopano chinachitika pa 23 June 2020 potsata tanthauzo la mavoti opitirira theka.